Mafomyula owerengera BMR: mafunso ndi mayankho

Mafunsowa ndi amene anthu amandifunsa kawirikawiri akaona kuti foni yawo yawapatsa nambala ina ya BMR, mnzawo wa ku jimu nambala ina, ndipo buku la kusukulu nambala inanso. Kuti tisamangolankhula m'malere, ndatenga mayi wongoyerekeza yemwe tiyende naye mpaka kumapeto. Ali ndi zaka 35, amalemera makilogalamu 68, ndi wamtali masentimita 160, amakhala ku Area 25 ndipo amagwira ntchito ya mu ofesi.

Kodi BMR ndi chiyani kwenikweni?

Ndi mphamvu zimene thupi limawotcha pa maola 24 munthu atangogona phee, ali maso koma osagwira kanthu, m'mimba mulibe chakudya chimene chikugayidwa, komanso sakumva kuzizira kapena kutentha. Ngakhale mutagona chonchi, mtima ukupopa magazi, mapapo akukoka mpweya, impso zikusefa, chiwindi ndi ubongo zili pa ntchito. Ziwalo zinayi, ubongo, chiwindi, mtima ndi impso, n'zopepuka poyerekeza ndi thupi lonse, koma zimadya zoposa theka la mphamvu zimenezi. Timaziwerenga m'makalori, omwe pa mapaketi a zakudya ndi pa foni amalembedwa kcal.

BMR si chakudya chimene muyenera kudya pa tsiku. Ili ngati lendi ya nyumba: mumalipira ngakhale mwezi umene simunaphike kapena kuyatsa getsi. Kuyenda, kuchapa, kulima ndi kugaya chakudya zimabwera pamwamba pake.

Ngati BMR imapimika, mafomyula abweranso bwanji?

Kupima kwake n'kwa chintchito. Munthu amagona ndi njala maola pafupifupi 12, m'mawa n'kumugoneka m'chipinda chabata, n'kumuvindikira kumutu ndi chipangizo choyeza mpweya umene akukoka ndi umene akutulutsa. Lita imodzi ya okosijeni imene thupi lagwiritsa ntchito imaimira makalori pafupifupi 4.8, ndiye kuchokera pamenepo amapeza nambala yake yeniyeni. Makinawa ndi odula ndipo si chinthu choti mungachipeze pa chipatala chaching'ono cha m'dera mwanu.

Choncho akatswiri anapima anthu ambiri, n'kuyang'ana kuti zotsatirazo zikuyenda bwanji ndi kulemera, kutalika, zaka komanso kuti munthuyo ndi mwamuna kapena mkazi. Fomyula ndi mzere umene anaudutsitsa pakati pa anthu amenewo. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa mayankho ambiri m'munsimu akutsamira pa iyo: fomyula imakuuzani za munthu wapakatikati wa gulu limene linapimidwalo, yemwe amafanana nanu pa sikelo ndi pa zaka. Inuyo sinakupimeni.

Mafomyula odziwika ndi ati, ndipo anachokera kuti?

Yakale kwambiri mwa amene akugwirabe ntchito ndi ya Harris ndi Benedict ya mu 1919. Anapima anthu akuluakulu 239 ku Boston, m'dziko la Amereka, amuna 136 ndi akazi 103. M'mafomyula onsewa W ndi kulemera m'makilogalamu, H ndi kutalika m'masentimita, A ndi zaka.

```
Amuna: 66.47 + 13.75*W + 5.003*H - 6.755*A
Akazi: 655.1 + 9.563*W + 1.850*H - 4.676*A
```

Mu 1984 Roza ndi Shizgal anaikonzanso n'kusintha manambala ake, ndiye mukaona mafoni awiri onse akuti Harris-Benedict koma akusiyana pang'ono, nthawi zambiri chifukwa chake n'chakuti ina ikutsata ya 1919, ina ya 1984.

Ya Mifflin-St Jeor inatuluka mu 1990, itachokera pa anthu 498 a ku Amereka komweko, a zaka 19 mpaka 78, ndipo pafupifupi theka la iwo anali onenepa. Iyi mukhoza kuiloweza pamtima:

```
Amuna: 10*W + 6.25*H - 5*A + 5
Akazi: 10*W + 6.25*H - 5*A - 161
```

Kenako pali awiri amene amayenda mosiyana. Ya Schofield ya mu 1985, yomwe mabungwe a dziko lonse oona za chakudya ndi zaumoyo a FAO ndi WHO amagwiritsa ntchito powerengera chakudya cha anthu ambiri, ndi ya Henry ya mu 2005, imene ena amaitcha ya Oxford. Awa amagawa anthu m'magulu a zaka, ndipo mtundu wake umene umagwira ntchito kwambiri umangofuna kulemera basi. Kwa akazi a zaka 30 mpaka 60 ali motere:

```
Schofield: 8.126*W + 845.6
Henry:     9.74*W + 694
```

Tiwerengereni munthu mmodzi tione kusiyana kwake.

Titenge mayi wathu uja, tiyambe ndi Mifflin-St Jeor. Makilogalamu 68 kuchulukitsa ndi 10 akutipatsa 680. Masentimita 160 kuchulukitsa ndi 6.25 ndi 1000. Tikaphatikiza ndi 1680. Zaka 35 kuchulukitsa ndi 5 ndi 175, tichotse, patsala 1505. Popeza ndi mkazi tichotsenso 161. Yankho ndi makalori 1344 pa tsiku.

Pa Harris-Benedict ya 1919 timayamba ndi 655.1, kuwonjezera 650.3 ya kulemera ndi 296 ya kutalika, n'kuchotsa 163.7 ya zaka. Zikutuluka 1438. Yokonzedwa ya 1984 ikupereka 1421. Schofield akuti 1398, pomwe Henry akuti 1356.

Ndiye yotsika kwambiri ndi 1344, yokwera kwambiri ndi 1438. Pakati pake pali makalori 94. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120. Ndiye kuti mkangano wonse wa mafomyula asanuwa pa mayi ameneyu sukufika ngakhale pa supuni imodzi ya mafuta imene dzanja lingawonjezere mosadziwa pokazinga tomato ndi anyezi. Ine ndikaona anthu akutukwanizana pa gulu la WhatsApp kuti fomyula yolondola ndi iti, ndimangoganiza za supuni ija.

Nanga n'chifukwa chiyani Harris-Benedict imakonda kukwera?

Taonani pamene fomyula ya akazi ikuyambira: 655.1, munthu asanakwere n'komwe pa sikelo. Kutalika kukungopatsidwa 1.85 pa sentimita, pomwe Mifflin akupereka 6.25. Izi zikutanthauza kuti kwa mkazi wamfupi, Harris-Benedict sitsika mokwanira, imakakamira m'mwamba. Akazi ambiri kwathu kuno si aatali kwambiri, ndiye vutoli limatikhudza kuposa mmene lingakhudzire anthu a m'mayiko a anthu aatali.

Chinanso ndi anthu amene anapimidwa. Ambiri anali achinyamata ndi anthu owonda bwino a zaka zoposa 100 zapitazo. Kilogalamu imodzi ya munthu wotero ili ndi minofu yambiri kuposa kilogalamu ya munthu wonenepa wa masiku ano. Kafukufuku wotsatira wakhala akupeza kuti fomyulayi imakonda kupitirira nambala yeniyeni, kawirikawiri ndi magawo 5 pa 100 kapena kuposerapo. Ambiri amaigwiritsabe ntchito chifukwa ndi imene inalowa m'mabuku kalekale.

Ndiye titenge iti?

Kwa munthu wamkulu wathanzi amene akufuna nambala yoyambira, ine ndimatenga Mifflin-St Jeor. Akatswiri a zakudya a ku Amereka atafananitsa mafomyula mu 2005, anapeza kuti iyi ndi imene inkagwera pafupi kawirikawiri. Mwa anthu osanenepa, pafupifupi 8 pa 10 aliwonse nambala yawo sinaphonye ndi zoposa magawo 10 pa 100, ndipo mwa onenepa anali pafupifupi 7 pa 10.

Koma werenganinso chiganizo chimenecho modekha. Kugwera pafupi kumene akunena ndi kusaphonya ndi zoposa magawo 10 pa 100. Kwa mayi wathu, magawo 10 pa 100 a 1344 ndi 134. Ndiye kuti BMR yake yeniyeni ikhoza kukhala paliponse pakati pa 1210 ndi 1478, fomyula n'kuonedwabe kuti yakhoza. Mayankho onse asanu amene tawerengera aja akukwana m'kati mwa mpata umenewu. Ndipo anthu 2 kapena 3 pa 10 aliwonse ali kunja kwa mpatawo.

N'chifukwa chake foni ikakulemberani 1344.00 musatengeke ndi madontho. Lembani kuti pafupifupi 1350, basi.

Anthu amene anapimidwawo si Amalawi. Kodi mafomyulawa amatigwirira ntchito?

Funso ili ndi la nzeru, ndipo akatswiri eni ake analimbana nalo. Pa manambala amene Schofield anasonkhanitsa, gawo lalikulu kwambiri linali la Ataliyana, ambiri mwa iwo anyamata, asilikali ndi ogwira ntchito zolemetsa, amene anapimidwa kale m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940. BMR yawo inali yokwera kuposa ya anthu ena, ndiye anakokera mzere wonse m'mwamba. Patapita nthawi zinaoneka kuti kwa anthu a m'mayiko otentha, fomyula ya Schofield imakonda kupitirira.

Henry anayambanso ntchitoyo ndi zotsatira za anthu oposa 10,000. Anachotsamo Ataliyana aja n'kuikamo anthu ambiri a m'mayiko otentha. N'chifukwa chake manambala ake amakonda kutsika pang'ono, makamaka kwa amuna achinyamata. Titenge mnyamata wa kabaza wa zaka 25, wolemera makilogalamu 62, wamtali masentimita 168. Kwa amuna a zaka 18 mpaka 30:

```
Schofield: 15.057*W + 692.2
Henry:     16.0*W + 545
```

Schofield akumupatsa 1626, Henry 1537. Mifflin akuti 1550 ndipo Harris-Benedict 1591. Apanso Henry ndi Mifflin ali moyandikana, monga zinalili kwa mayi uja, ngakhale kuti anachokera pa anthu osiyana kotheratu. Zimenezi zimandilimbitsa mtima pang'ono. Ndikamawerengera munthu wa kuno ndimawerengera zonse ziwiri, ndipo zikagwirizana sinditayanso nthawi. Zikasiyana kwambiri ndimadziwa kuti munthuyo ali kumalire kwa magulu amene anapimidwa, kaya pa kulemera kaya pa zaka.

Ndinakwanitsa zaka 30, nambala yanga n'kutsika ndi pafupifupi 100 tsiku limodzi. Thupi langa latani?

Thupi lanu silinatani. Mwagwera pa mpanda wa magulu a zaka. Pa Schofield, mkazi wa zaka 18 mpaka 30 amawerengeredwa chonchi:

```
14.818*W + 486.6
```

Pa makilogalamu 68 zikutuluka 1494. Akangolowa m'gulu lotsatira, pa kulemera komweko, zikukhala 1398. Makalori 96 apita usiku umodzi wa phwando. Kenako nambalayo imaima osasuntha kwa zaka 30, ngati kuti mayi wa zaka 31 ndi agogo a zaka 59 ali ndi thupi limodzi. Mifflin amachotsa makalori 5 chaka chilichonse, ndipo ngakhale nazonso ndi zongoyerekeza, sizidumpha chonchi.

Schofield sanapangidwire munthu mmodzi. Ndi wabwino mukamawerengera chakudya cha ophunzira ogonera pa sukulu kapena cha mudzi wonse, pomwe kuphonya kwa uyu kumakwiriridwa ndi kuphonya kwa uyo.

Kodi munthu wonenepa kwambiri angadalire mafomyulawa?

Apa m'pamene kusankha fomyula kumayamba kukhala ndi ntchito. Kilogalamu ya mafuta a m'thupi imawotcha makalori pafupifupi 4.5 pa tsiku, ya minofu pafupifupi 13, pomwe ziwalo za m'kati zimawotcha mazanamazana pa kilogalamu. Munthu akamanenepa, gawo lalikulu la zimene zawonjezeka ndi mafuta. Fomyula siona zimenezo, imangoona kuti sikelo yakwera.

Tiyese mtsikana wa zaka 25, wamtali masentimita 160, wolemera makilogalamu 95. Mifflin akuti 1664. Harris-Benedict akuti 1743. Schofield, amene pa msinkhu umenewu amapereka pafupifupi 15 pa kilogalamu iliyonse, akuti 1894. Kusiyana kwafika 230, ndipo mukachulukitsa ndi nambala ya zochita za tsiku kumakula ndithu. Apa supuni ya mafuta ija sikukwaniranso. Kwa munthu wotere ndimasiya Schofield, chifukwa mwa anthu amene anapimidwa onenepa anali ochepa, n'kutenga Mifflin amene anali nawo ambiri. Mumalowetsa kulemera kwenikweni kwa lero, osati kulemera kumene mukukulakalaka.

Ku jimu anandiuza kuti fomyula ya minofu ndiye yeniyeni. N'zoona?

Ayenera kuti ankanena ya Katch-McArdle, yomwe sifunsa zaka kapena kutalika. L ndi kulemera kwa thupi mutachotsako mafuta:

```
370 + 21.6*L
```

Maganizo ake ndi abwino, ndipo kwa munthu wa minofu yambiri ikhoza kuposa enawo. Vuto lili pa L. Masikelo amene amati akuyeza mafuta podutsitsa kamagetsi m'mapazi amasintha malinga ndi madzi amene mwamwa, thukuta limene mwatuluka ndi nthawi ya tsiku. Mukaphonya L ndi makilogalamu 4, mwaphonya BMR ndi makalori 86. Mwabwerera pomwe paja.

Ndingadziwe bwanji kuti ndalakwitsa powerengera?

Anthu akuluakulu ambiri amagwera pakati pa 1100 ndi 2000. Nambala ikatuluka kutali ndi pamenepo, musanayambe kuda nkhawa ndi thupi lanu, yang'anani zimene mwalowetsa.

Cholakwa chimene ndimachiona kwambiri ndi kutalika. M'buku la kuchipatala mwina analemba 1.6, kutanthauza mamita, munthu n'kulowetsa momwemo. Kwa mayi wathu, 6.25 kuchulukitsa ndi 1.6 ndi 10 m'malo mwa 1000, ndipo BMR ikutuluka 354, yosakwanira ngakhale mwana wa chaka chimodzi. Chachiwiri ndi mapaundi. Masikelo ena a m'nyumba ali ndi kabatani kunsi kosinthira kg ndi lb. Makilogalamu 68 ndi mapaundi 150, ndipo mukalowetsa 150 mupeza 2164. Chachitatu ndi kJ, womwe ndi muyezo wina wa mphamvu. Kalori imodzi ndi 4.184 kJ, ndiye 1344 ija ikhoza kuoneka ngati 5623. Mabuku ena amalemba Schofield ndi Henry mu MJ, yomwe ndi kJ 1000, yankho n'kutuluka ngati 5.8. Pamenepo chulukitsani ndi 239.

Zolakwa zazing'ono sizopweteka kwenikweni. Sikelo ya mnyamata wa m'mbali mwa msewu ku Old Town ikanama ndi makilogalamu 2, pa Mifflin mwaphonya ndi 20 yokha. Mukaphonya kutalika ndi masentimita 5, ndi 31. Agogo amene sakumbukira bwino chaka chobadwa, mukawaphonya ndi zaka 5, ndi 25. Vulani nsapato ndi jekete, imani chilili chogundira khoma, zakwana.

Ndapeza BMR yanga. Ndidye makalori omwewo kuti ndichepe thupi?

Ayi. BMR iyenera kuchulukitsidwa kaye ndi nambala ya zochita zanu, yomwe imalembedwa PAL. Malinga ndi FAO ndi WHO, wa moyo wongokhala ali pakati pa 1.40 ndi 1.69, wotakataka ndithu pakati pa 1.70 ndi 1.99, ndipo wa ntchito zolemetsa pakati pa 2.00 ndi 2.40.

Kuphonya kwakukulu kuli pano, osati pa fomyula. Mayi wathu akamanyamulidwa pa galimoto kuchokera pakhomo mpaka ku Capital Hill, n'kukhala pa mpando tsiku lonse, kunyumba kuli womuthandiza ntchito, tingamupatse 1.5, ndipo 1344 ikukhala 2016. Mayi yemweyo akamayenda wapansi kukakwera minibasi, kuchapa pamanja, kukolopa, Loweruka n'kukalima kumunda, 1.8 ikumuyenera, ndipo tikupeza 2419. Kusiyana ndi makalori 403, kuposa kanayi mkangano wa mafomyula uja. Ufa wa chimanga wa magalamu 100 uli ndi makalori pafupifupi 360, ndiye tikunena za nsima ya ufa woposa pamenepo tsiku lililonse.

Anthu a mu ofesi amakonda kudzikweza. Munthu amathamanga katatu pa sabata kwa theka la ola n'kudziika pa 1.9, kuiwala kuti maola ena onse ali pa mpando. Pomwe mayi wogulitsa masamba amene amasenza dengu kuchokera ku msika mpaka ku Kawale amadziona ngati sachita masewera alionse, chonsecho ndi iye woyenera nambala yokwera. Mnyamata wa kabaza wa njinga yopalasa uja, pa 2.1, akufunika makalori oposa 3200. Mnzake wa njinga yamoto, wofanana naye thupi, sangafike pamenepo.

Ndi anthu ati amene sayenera kudalira mafomyulawa?

Harris-Benedict ndi Mifflin si za ana. Schofield ndi Henry ali ndi magulu a ana, koma mwana akukula, ndipo kukula kwake kumaonedwa ku sikelo, osati pa fomyula ya pa foni. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amafunika zowonjezera zimene mafomyulawa saziona.

Matenda nawo amasokoneza. Thupi likatentha, monga pa malungo, BMR imakwera ndi magawo opitirira pang'ono 10 pa 100 pa digiri iliyonse. Chifuwa chachikulu, mabala aakulu a moto, ndi chithokomiro chogwira ntchito mopitirira zimaikweza, pomwe chithokomiro chofooka chimaitsitsa. Kwa munthu wamkulu amene ali ndi HIV, malangizo a WHO a mu 2003 anati mphamvu zofunika zimakwera ndi magawo 10 pa 100 ngati alibe zizindikiro, ndi 20 mpaka 30 ngati akudwala. Munthu wotupa miyendo kapena mimba, sikelo ikuyeza madzi, ndipo madzi sawotcha kanthu. Onsewa nambala yawo aikambirane ndi adokotala kapena katswiri wa zakudya.

Popanda makina, pali njira yodziwira ngati nambala yanga ili pafupi?

Ilipo, kungoti imafuna kuleza mtima. Kwerani sikelo imodzimodziyo m'mawa, mutachoka kuchimbudzi, musanadye, katatu kapena kanayi pa sabata, kwa masabata anayi. Musayang'ane tsiku limodzi, chifukwa mchere wa mu kanyenya wa dzulo kapena nthawi ya kumwezi zikhoza kukweza sikelo ndi kilogalamu yathunthu ya madzi. Phatikizani manambala a sabata n'kugawa kuti mupeze yapakati.

Nthawi yomweyo lembani zimene mukudya, kuphatikizapo shuga wa mu tiyi, mandasi a pa 10 koloko ndi mafuta a mu ndiwo. Ngati mayi wathu akudya pafupifupi 2000 ndipo sikelo yaima pa 68 mwezi wonse, ndiye kuti thupi lake likuwotcha pafupifupi 2000, ndipo 1344 kuchulukitsa ndi 1.5 kunali pafupi. Ngati watsika ndi kilogalamu imodzi pa mweziwo, tikatenga kuti kilogalamu ya mafuta a m'thupi ndi makalori pafupifupi 7700, ankaperewera ndi 250 kapena kuposerapo pang'ono pa tsiku, ndiye kuti amawotcha cha m'ma 2250. Njirayi siingakuuzeni ngati chinaphonya ndi BMR kapena PAL, imangokupatsani zonse pamodzi. Ndipo ngati sikelo ikukwera pomwe kope likuti mukudya 1500, yambani mwayeza mafuta ophikira ndi supuni kwa sabata imodzi, m'malo mothira kuchokera m'botolo.